Katundu wa Custódio pa Khonde la a Firmino

Custódio Mbewe ndi mwana wa mlongo wanga, ndipo ine ndine nkhoswe ya ukwati wake. Anthu ku Zóbuè akhala akukamba nkhani yake mokhotetsa, ena akuti anali ndi mkazi wina ku Moatize, ena akuti banki inamubera. Zonsezo n'zabodza. Ndinalipo, ndiye ndilemba zimene zinachitika, ngakhale zina mwa izo zikundipsetsabe mtima.

Munthuyu si woipa. Samwa, samenya mkazi, ndipo galimoto akaigwira imayenda ngati yatsopano. Vuto lake ndi limodzi: nkhani yoipa siituluka m'kamwa mwake. Anali choncho kuyambira ali mwana. Nthawi ya nkhondo tinathawira ku Malawi, kumsasa wina cha ku Mwanza, iye ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri. Chaka chachiwiri tili kumeneko, mayi ake anamutuma kukasunga malo pamzere ndi kapepala kolandirira ufa. Kapepalako anakagwetsera mumtsinje. Masiku atatu mwanayo ankadzuka m'mawa, n'kukaima pamzere wopanda kanthu m'manja, madzulo n'kubwera kudzanena kuti sanayambe kugawa. Banja lonse linagona ndi njala pamene akanangonena tsiku loyamba lomwelo, tikanapita kwa akuluakulu a msasa n'kukalembetsa kena. Ndinamukwapula tsiku limenelo. Ndikuona tsopano kuti chikwapucho chinangotaya nthawi.

Tinabwerera kwathu mu 1994. Custódio anayamba ndi kuitanira anthu pa shapa, timabasi tating'ono ta pakati pa Zóbuè ndi Tete. Kenako anaphunzira chiwongolero, n'kupeza chiphaso choyendetsera malole. Mu 2006 anakwatira Dionísia, mwana wa mayi Arminda, n'kukamanga nyumba kuchikamwini, kuseri kwa munda wa kabichi wa apongozi akewo. Nkhoswe ya kuchikazi inali a Firmino, mchimwene wa mayi Arminda.

Kwathu mkamwini ndi apongozi ake aakazi amachitirana manyazi. Sadyera pamodzi, sayang'anana m'maso, akakumana panjira wina amapatuka. Mawu olemera amadutsa mwa ankhoswe. Mabanja ambiri masiku ano anazifewetsa, koma mayi Arminda ndi munthu wachikale, ndipo Custódio mwambo umenewu anaukonda kuposa wina uliwonse, chifukwa unamupatsa chilolezo chokhala chete. Zaka zisanu ndi ziwiri za ukwati, sindikhulupirira kuti awiriwa anauzanapo mawu opitirira moni wa patali.

Mu 2010 anapeza ntchito ku kampani ina yaing'ono imene inkagwira ntchito pansi pa eni mgodi wa malasha ku Chipanga. Ankayendetsa lole ya madzi, yothira m'misewu ya mumgodi kuti fumbi lichepe. Anachita lendi kachipinda ku Moatize, mkazi ndi mwana wawo Tânia n'kutsala ku Zóbuè. Malipiro ankalowa kubanki pa 25 mwezi uliwonse. Dionísia anabadwira kumsasa ndipo bilyete, chitupa chija cha boma, anali asanalandire, ndiye sakanatsegula konta yake. Amene anali ndi bilyete ndi mayi ake. Choncho konta inatsegulidwa m'dzina la mayi Arminda, ndipo Custódio anasaina kubanki pepala limene amalitcha ordem permanente. Ndi lamulo limene mwini konta amapereka kamodzi kokha, loti tsiku lakuti mwezi uliwonse banki izichotsa ndalama zakuti n'kuziika m'konta ya uje. Lake linali la pa 28, metikali zikwi zitatu.

Anabwera kudzandiuza akumwetulira ngati wapha njovu.

"Malume, tsopano palibenso zotuma munthu kapena kupereka pamanja. Zizingopita zokha."

"Nanga tsiku limene sizidzapita, adzanene ndani?" ndinamufunsa.

"Aaa, malume, inunso mumangoona mvula kuli dzuwa."

Zaka zitatu zinapitadi zokha. Banki imeneyo inalibe nthambi kwathu, ndiye pa 29 mwezi uliwonse mayi Arminda ankavala chitenje cha kutchalitchi, n'kukwera shapa ya m'mawa, maola awiri ndi kanthu kudutsa Kambulatsitsi mpaka ku Moatize. Ankatapa ndalama pa makina, n'kugula sopo, mafuta ndi nsomba zouma, madzulo ali pakhomo. Pamsika ankawatamanda kuti anapeza mkamwini. Iwonso sankabisa.

Kumapeto kwa Marso 2013 kampani ya Custódio inaluza kontrato yake ndipo madalaivala onse anawauza kuti asabwerenso. Anawapatsa malipiro omaliza. Ndalama za apongozi za pa 28 Marso zinapita bwinobwino. Apa ndi pamene munthu wanzeru akanachita zinthu ziwiri: kupita kubanki kukathetsa lamulo lija, ndi kubwera kwa ine kuti ndikauze apongozi ake. Custódio sanachite chilichonse mwa ziwirizi. Anatapa zonse zotsala m'konta n'kuzisunga m'chikwama, akuganiza kuti lamulolo lizima lokha ngati moto wosowa nkhuni. Za ku Zóbuè anadziuza kuti ntchito ina ipezeka mwezi usanathe, ndipo palibe adzadziwe.

Pa 29 Abrili mayi Arminda anakwera shapa monga mwa masiku onse. Anaima pamzere padzuwa la ku Moatize, munthu wozolowera kuzizira kwa kuphiri. Makina anawauza kuti mulibe kanthu. Anabwereza katatu mpaka akumbuyo anayamba kudandaula. Analowa m'kati kukafunsa, ndipo mayi wa pa kauntala anawauza mwaulemu kuti m'konta mwawo simunalowe ndalama, koma chifukwa chake sangawauze, popeza za konta ya munthu wina saulula. "Kafunseni amene amatumizayo." Amene amatumizayo anali m'tauni momwemo, mwina misewu inayi kuchokera pamenepo. Koma mpongozi angakagogode bwanji pa chipinda cha mkamwini kukafunsa ndalama? Anabwerera ndi dengu lopanda kanthu.

Dionísia anaimba foni. Custódio anati sistema ya banki yagwa, zikonzeka. Pa 29 Mayo mayi aja anapitanso, ndipo zinali chimodzimodzi. Ulendo uno anakumana pa makina ndi mayi wina wa kwathu amene mwana wake amagwira kumgodi, iye akutapa bwinobwino pa banki yomweyo. Nkhani ya sistema inathera pamenepo. Dionísia ataimbanso, foni inangoitana. Mawa lake inali yozimitsa.

Tsono kwathu mwamuna akasiya kuthandiza pakhomo, osanena kanthu, osaonekera, osayankha, tanthauzo lake ndi limodzi. Wausiya ukwati koma akuopa kunena. Anthu sanachedwe kumupezera mkazi wa Chinyungwe wogulitsa mowa, ena mpaka ankatchula mtundu wa nsalu imene amavala.

Lamlungu pa 23 Junyu, titatuluka m'Misa, a Firmino anandikokera pambali pa mtengo wa mkungudza.

"A Boaventura, mudutse kwathu muone katundu wanu."

"Katundu wanji?"

"Wa mwana wanu. Njinga, mabulangete awiri, wailesi, khasu, jekete. Dionísia wamanga yekha, ali pakhonde panga. Lamlungu likudzali mubwere ndi wina wokuthandizani kunyamula."

"Achimwene, ukwati umatha osamva mbali inayo?"

"Mbali inayo ili ndi pakamwa? Ife taifuna miyezi iwiri. Mlongo wanga waima padzuwa kawiri ngati wopemphetsa. Mukaipeza mbaliyo mubwere nayo lisanafike Lamlungu. Likafika, katundu achoke, ndikufuna khonde langa."

Ndinadutsa n'kuona. Analipodi, womangidwa ndi chingwe cha mphira, nkhuku itakwera pamwamba pa wailesi.

Lolemba ndinagulitsa thumba la mbatata ya kachewere kuti ndipeze ya shapa. Tinanyamuka mochedwa chifukwa dalaivala ankadikira kuti idzaze, ndipo pa Kambulatsitsi tinaima ola lathunthu akumanga matumba a makala padenga. Ndinafika ku Moatize cha m'ma fayifi koloko, fumbi lakuda lili m'mano. Chipinda chake ndinkachidziwa. Ndinamupeza panja, atakhala pa chidebe, akusoka nsapato. Mkazi wa Chinyungwe panalibe. Munali mphasa, mbale imodzi, ndi chisoti cha kumgodi chopachikidwa pa msomali. Munthuyo anali atawonda mpaka lamba anamuboola bowo lina.

Atandiona anaimirira, n'kuyamba kufunsa za mvula, za mbuzi, za mwendo wanga.

"Khala pansi. Ntchito ili kuti?"

Anayang'ana nsapato.

"Ndikufunsa iwe, osati nsapatoyo."

"Inatha, malume."

"Liti?"

"Marso."

"Marso! Lero ndi Junyu. Pakamwa pako panatupa?"

"Ndimati ndipeze kaye ina. Pali bwana wina wa sitolo amandipatsa ganyu yonyamula simenti ku Tete, mwina mwezi wamawa..."

"Mwezi wamawa udzakhala ndi simenti, mkazi ulibe. Wailesi yako ikugona pakhonde la a Firmino, nkhuku zikunyerapo."

Apo ndiye anakhala pansi. Anagwira mutu. Kenako ananena mawu amene anandiuza kuti mwanayu sanasinthe chichokere kumsasa.

"Koma banki sinawauze? Ndimayesa zikalephera amawalembera."

"Banki ndi nkhoswe yako? Inakhalapo pa ukwati wako?"

"Nanga ine ndikanawauza bwanji apongozi? Si mwambo."

"Mwambo unakuletsa kulankhula ndi apongozi. Unakuletsanso kulankhula ndi ine? Unakuletsa kuyankha foni ya mkazi wako? Usabisale kuseri kwa mwambo, ukuoneka miyendo."

Ndinamuuza kuti m'mawa tipita kubanki. M'mawa tinapitadi, n'kupeza chitseko chotseka ndi mlonda akumvera wailesi. Linali pa 25 Junyu, tsiku la ufulu wa dziko. Ine ndinaiwala chifukwa cha mkwiyo, iye ankadziwa koma sananene, poopa kundikhumudwitsa. Tinayenda mtunda wonsewo padzuwa, iye akudziwa. Tsiku lonselo sindinamulankhule.

Lachitatu tinafika chitseko chisanatsegulidwe, koma mzere unali utazungulira kale mpanda, popeza malipiro a anthu a kumgodi anali atangolowa. Tinaima maola atatu. Kawiri konse Custódio anati mwina tibwere mawa anthu akachepa. Kachitatu anati akukafuna madzi, n'kupita. Nthawi yathu itakwana iye kunalibe, ndiye ndinapita ndekha pa kauntala. Panali mayi wina wa magalasi, dzina lake lolembedwa pachifuwa, Elvira. Chipwitikizi changa ndi cha kalasi yachitatu, koma mayiyo atamva kalankhulidwe kanga anayankha m'chinenero chathu, chosakaniza ndi Chinyungwe.

Ndinafotokoza kuti ndikufuna kuthetsa lamulo la mwana wanga.

"Konta ndi yanu, bambo?"

"Ndi ya mwana wa mlongo wanga. Ine ndine malume ake, ndinenso nkhoswe."

"Kumudzi zimenezo n'zazikulu, koma kuno sizigwira. Amene anasaina kuti ziyambe ndi amene asaine kuti zithe. Abwere yekha ndi bilyete yake."

Ndinatuluka, n'kumupeza ataima pansi pa mtengo ndi botolo la madzi, akuyang'ana malole. Ndinamugwira dzanja monga ndinkamugwirira ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, bambo wa ndevu zake, anthu a pamzere akuseka. Wina anakuwa kuti, "Madala, mwagwira wakuba?" Ndinati ayi, wakuba amayankha akafunsidwa.

Dona Elvira anatenga bilyete, n'kuyang'ana pa kompyuta.

"A Custódio, lamulo lanu lidakali lamoyo. Pa Abrili linayesa kutumiza, munalibe ndalama. Pa Mayo chimodzimodzi. Ulendo uliwonse likalephera chonchi, banki ino imadula kachilango. Tizilango tiwiri tikukudikirani, ndalama iliyonse ikangolowa tiyamba kuchoka timeneto."

"Koma ndinachotsamo zonse," anatero Custódio. "Ndimayesa likaona kuti mulibe kanthu lisiya."

"Makina sadziwa kuti ntchito inatha. Inu munalemba kuti lizipita mpaka mudzanene, ndipo simunanene. Lachisanu pa 28 liyesanso. Mukakhala mulibe, chilango chachitatu. Wina akakulipirani m'konta Lachinayi, zikakwana zikwi zitatu, lizitenga zonse osakufunsani ngati mwadya."

"Ndiye tichite chiyani?" ndinafunsa.

"Alembe pepala ili. Mwachita mwayi mwabwera lero. Kuno timafuna masiku awiri a ntchito tsiku lotumiza lisanafike. Mukanabwera mawa, la mwezi uno likanayenda ndithu."

Ndinamuyang'ana Custódio, amene ankafuna tibwere mawa. Iye anayang'ana cholembera.

Analemba dzina, nambala ya konta yake, dzina la mayi Arminda, kuchuluka kwa ndalama, ndi tsiku loti lamulo lithe. Anasaina. Mayiyo anayerekeza siginecha ndi ya kale, n'kumenya karimbo, chidindo cha banki, pa mapepala awiri, limodzi n'kutipatsa. Zilango ziwiri zija analipira pomwepo ndi ndalama za simenti.

"Ili musataye, ndi umboni wanu. Lolemba mudzaone pa makina ngati zonse zili bwino." Kenako anatsitsa magalasi. "Mayi amene amalandirawa mwawauza?"

Custódio anayamba kupinda pepala lija.

"Ife sitiwauza. Ife tathetsa za pakati pa inu ndi banki basi. Zimene munapangana ndi iwo zikadali za inu. Ndikuwakumbuka, mayi achikulire a duku lobiriwira. Anabwera kawiri. Kachiwiriko anakhala pa benchi apo nthawi yaitali asanatuluke. Musawayendetsenso kachitatu."

Custódio anathokoza m'Chinyungwe kuti, "Ndatenda, dona," mawu ake osamveka bwino. Ine ndinachita manyazi ngati ndine ndalakwa.

Lachinayi m'mawa tinakwera shapa ya ku Zóbuè. Ndinali nditatumiza kale uthenga kwa a Firmino kuti tikubwera masana. Tinapanikizana kumpando wakumbuyo ndi mayi wina wonyamula beseni la nsomba. Titadutsa Kambulatsitsi, mphepo itayamba kuzizira, Custódio anandiyandikira kukhutu.

"Malume, mukakafika mukanene kuti banki inasokoneza manambala. Za ntchito tidzanena bwino pambuyo."

"Ukufuna ndikaname?"

"Si bodza lenileni. Kungofewetsa."

"Imitsani galimoto!" ndinakuwa. Dalaivala anatembenuka. "Uyu akufuna kutsika."

"Malume, chonde, anthu akumva."

"Amve. Ine ndakalamba opanda ng'ombe, opanda sitolo. Chimene ndili nacho n'chakuti ndikanena mawu pabwalo, anthu safunsanso wina. Chimenecho ndikachigulitse chifukwa cha manyazi ako? Ndikanena zoona, kapena upite wekha ukalankhule ndi apongozi ako maso ndi maso. Sankha."

Mayi wa nsomba uja anati, "Mverani akuluwa, achimwene. Bodza lilibe mwendo wobwerera." Dalaivala anapitiriza ulendo akuseka.

Tinakumana pabwalo la a Firmino. Katundu uja anali pomwepo pakhonde, aliyense akumuona. Mayi Arminda anakhala pamphasa chammbali, atatembenukira ku nkhokwe. Dionísia anakhala pafupi nawo, nkhope ili gwa. Custódio ndinamukhazika kumbuyo kwanga pa kampando, chipewa chili m'manja. Titapatsana moni, ndinawomba m'manja n'kuyamba, ndikulankhula kwa a Firmino monga mwa dongosolo.

"Achimwene, tabwera ndi mawu amene anayenera kufika pano mwezi wa Marso. Afika mochedwa, ndipo kulakwa n'kwathu. Ntchito ya mwana wathu inatha kumapeto kwa Marso. Mkazi wina kulibe, ndaona ndi maso anga chipinda chimene akugona. Banki sinalakwe chilichonse. Zija ananena za sistema linali bodza, ananama chifukwa cha mantha. Dzulo tathetsa lamulo lotumiza ndalama lija, chifukwa alibe malipiro oti angalonjeze tsiku ndi kuchuluka kwake. Choncho mawa pa 28 sikulowa kanthu, ndipo mayi asavutikenso kupita ku Moatize. Pepala lake ndi ili. Pa zaka zitatu zimene mayi anasunga konta ndi kuyenda maulendo chifukwa cha banja la ana awa, tikuthokoza. Pa maulendo awiri amene anayenda pachabe, tikupepesa, ndipo ya shapa tibweza. Kuyambira lero, chimene wapeza pa ganyu azibwera nacho yekha kumapeto kwa mwezi, chochepa kapena chochuluka. Akalephera, mawu azifika kwa ine sabata imodzi tsikulo lisanakwane, ine n'kufika nawo kuno."

A Firmino anatenga pepala, n'kuliwerenga pang'onopang'ono, chala chikutsata mizere mpaka pa karimbo. Anafotokozera mlongo wawo zimene linanena. Kenako anatembenukira kwa Dionísia.

"Mwini nkhani, wamva. Ukuti bwanji?"

"Ndamva, malume. Ndifunse chimodzi." Sanayang'ane ine, anayang'ana kumbuyo kwanga. "Bambo a Tânia, pamene munkandikwatira munali ndi lole ya madzi?"

"Ayi."

"Munali ndi chiyani?"

"Njinga."

"Iyo ili apoyo. Ndinakukanani?"

"Ayi."

"Ndiye munaona kuti ndinakwatiwa ndi banki? Ine miyezi iwiri osapita kumsika, akazi anzanga akundifunsa ngati mnzanga wa ku Moatize ndi woyera kapena wakuda. Mwana akufunsa ngati bambo ake anafa. Kabichi ndathirira ndekha, madzi ochokera kudambo, inu katswiri wothira madzi mukuthirira msewu wa eni!"

"Msewunso anasiya kuthirira," anatero a Firmino. Ndinaluma mlomo kuti ndisaseke, chifukwa sinali nthawi yake.

Custódio anatsegula pakamwa, ndipo ndinaopa kuti atchulanso mwambo. Koma anati, "Ndinalakwa, mayi a Tânia. Ndinkachita manyazi kubwera chimanjamanja." Kwa iye amenewo anali mawu ambiri.

Onse tinadikira mayi Arminda. Ine ndinayamba kuganiza za amene angandithandize kunyamula njinga. Kenako analankhula, akuyang'anabe nkhokwe.

"Achimwene, muwauze ankhoswe kuti ya shapa sindikuifuna. Njala sindiiopa, ndinadya gaga kumsasa zaka zisanu ndi chimodzi. Chimene chinandiwawa ndi benchi ija. Ndinakhala pamenepo ndikuganiza kuti ndikafika ndikamuuza chiyani mwana wanga."

Kenako anachita chimene palibe ankayembekeza. Anatembenuka thupi lonse, n'kuyang'ana mkamwini wawo m'maso.

"Bambo a Tânia."

Custódio anatsala pang'ono kugwa pa kampando.

"Ndikulankhula ndi inu. Manyazi amenewa atidyera zambiri, athere pano. Kuyambira lero mukakhala ndi mawu, abwino kapena oipa, muzibwera pakhomo panga n'kunena. Mwamva?"

Mwana wa mlongo wanga anatembenukira kwa ine. "Malume, muwauze kuti ndamva."

"Auze wekha! Ali apo, sali ku Tete!"

Anayang'ana pansi, pamphasa, pamapazi a apongozi ake. "Ndamva, amayi."

"Chabwino," anatero mayi Arminda. "Achimwene, khonde lanu lija mulitenge."

Ndinanyamuka kuti ndithandize kumasula katundu, koma Dionísia anandiletsa. Anati katunduyo anabwera pamutu pake anthu akuona, ndiye abwerere pamsana pa mwini wake anthu akuonanso. Panali njira yachidule yodutsa m'minda, iye anakana. Custódio anakweza mabulangete ndi wailesi panjinga, khasu paphewa, n'kudutsa pakati pa msika dzuwa lili pamutu, mkazi wake akuyenda kumbuyo. Ogulitsa mbatata anaimba m'manja. Wina anafunsa ngati mkazi wa Chinyungwe uja akubwera pa shapa yotsatira.

Lolemba anabwerera ku Moatize, anakaona pa makina, ndipo chilango chachitatu panalibe. Miyezi isanu anakhala akunyamula simenti, kumapeto kwa mwezi n'kumabwera ndi chimene wapeza. Mwezi umodzi sanapeze kanthu, ndipo mawu anafikadi sabata imodzi tsiku lisanakwane. Anafika kwa ine. Ndinamubweza kuti akanene yekha, ndipo akuti anazungulira munda wa kabichi kawiri asanafike pakhomo la apongozi ake, koma anafika.

Pano akuyendetsa lole ya kampani ina. Dionísia analandira bilyete, ali ndi konta yake, ndipo lamulo latsopano likupita kumeneko. Pepala la karimbo lija mayi Arminda anakana kubweza. Analiika m'buku lawo la nyimbo za kutchalitchi.

Sabata yatha Custódio anabwereka njinga yanga kuti apite kumaliro. Anaibweza madzulo, anaiimika bwinobwino kuseri kwa nyumba, anandithokoza kawiri, n'kupita. M'mawa ndinapeza tcheni chili chodukiratu, atachimanga ndi kawaya kuti chisaoneke.